Kuloweza fomula kapena kulowetsa θ: iti ikuthandizeni pa arcsin ndi arctan?

Ophunzira kalikyulasi muno mu Lilongwe, kaya ku Bunda kaya ku Nalikule, amagawanika pawiri akakumana ndi intigiro yopanda x pamwamba koma yokhala ndi x² pansi. Ena amaloweza fomula, ena amalowetsa θ m'malo mwa x.

Oloweza amadalira ziwiri izi, a akakhala woposa 0:

∫ dx/√(a² − x²) = arcsin(x/a) + C
∫ dx/(a² + x²) = (1/a) arctan(x/a) + C

Zonsezi ndi maderivetivu owerengedwa chobwerera, poti arcsin x imapereka 1/√(1 − x²) ndipo arctan x imapereka 1/(1 + x²). Njirayi ndi yachangu. Tengani ∫ dx/(x² + 6x + 13). Pansipo mukonze pakhale (x + 3)² + 4, ndiye a ndi 2, yankho n'kukhala (1/2) arctan((x + 3)/2) + C. Mizere iwiri basi.

Vuto lake ndi 1/a uja. Pamayeso munthu amamuika pa arcsin pomwe safunika, kapena kumuiwala pa arctan. Apa olowetsa θ amapambana, chifukwa iwo amaona kumene akuchokera. Mukati x = a sin θ, pamwamba pamabwera a cos θ dθ, pansi a cos θ, zonse n'kufafanizana. Mukati x = a tan θ, pamwamba pali a sec²θ dθ koma pansi pali a² sec²θ, choncho a mmodzi amatsalira pansi. Amene wazilembapo yekha izi sasokonezanso. Kungoti njirayi imadya nthawi, ndipo kumapeto muyenera kubwerera kwa x.

Ine ndimati lowetsani θ pophunzira, fomula muigwiritse ntchito m'chipinda cha mayeso. Koma njira zonsezi sizingakupulumutseni ngati simunayang'anitsitse kaye funsolo. Sinthani 13 uja akhale 5: x² + 6x + 5 ndi (x + 3)² − 4. Pakati pabwera kuchotsera, ndiye arctan palibepo, ndipo poti palibe sikweya ruti, arcsin palibenso. Pansipo pamagawika kukhala (x + 1)(x + 5) ndipo yankho limatuluka ndi ln. Kuti mudziwiretu, onani pansipo ngati ax² + bx + c n'kuwerenga b² − 4ac. Pa funso loyamba ndi −16, yochepera 0, ndiye arctan. Pa lachiwiri ndi 16, yoposa 0, ndiye ln.

Onaninso pamwamba. ∫ x dx/(x² + 4) imaoneka ngati ya arctan, koma x uja ndi theka la derivetivu ya pansipo, choncho yankho ndi (1/2) ln(x² + 4) + C.

Nanga x² akakhala ndi nambala kutsogolo? Pa ∫ dx/(9 + 4x²) oloweza ambiri amalemba 1/3 kutsogolo n'kudutsa. Ikani u = 2x, dx akhale du/2, mupeza (1/6) arctan(2x/3) + C. Mukakayika, pezani derivetivu ya yankho lanulo. Ndi 1/3 ikupatsani 2/(9 + 4x²), kuwirikiza kawiri zomwe munafunsidwa.