Bini, burashi ndi jiki m'bafa lopapatiza: chiti chikhale pati?

Bafa la nyumba yomwe timachita lendi ndi lamasentimita 120 m'lifupi ndi 250 m'litali, ndipo timaligwiritsa ntchito anthu asanu: ine ndi mayi a kunyumba, achimwene anga ndi alamu, komanso mwana wawo yemwe wangoyamba kumene kuyenda. Chitseko chimatsegukira mkati n'kukagunda khoma lakumanja. Kukhoma lakumanzere kuli sinki, kenako chimbudzi chamadzi, ndipo kumapeto kuli shawa yotchingidwa ndi katani. Chimbudzicho chimatuluka masentimita 68 kuchoka kukhoma, motero kanjira kopita kushawa n'kamasentimita 52 okha. Mukaika chinthu m'kanjirako, wina achipunthwa usiku magetsi atazima.

Malo otsala pansi ndi mipata iwiri basi. Wina uli pakati pa sinki ndi chimbudzi, masentimita 30. Wina uli pakati pa chimbudzi ndi shawa, masentimita 27. Kuiona ndi maso mipatayi ikufanana, koma si yofanana. Tinayala nyuzipepala zakale pansi ponse, achimwene n'kusamba monga mwa masiku onse. Atatuluka, pepala la mbali ya shawa linali litanyoweratu, la mbali ya sinki linali ndi timadontho tiwiri titatu. Ndiye kuti mpata wouma ndi umodzi, pamene zinthu zoufuna ndi zitatu. Mkangano wonse wagona pamenepa.

Ndiyambe ndi bini, chifukwa ndi imene inatitengera nthawi.

Malo amene anthu ambiri amathamangira ndi kuseri kwa chitseko, poti sioneka mlendo akalowa. Kwathu chitseko chikatseguka chimasiya kampata kosakwana masentimita 10, pamene bini yopondera ya malita 5 imakhala yamasentimita pafupifupi 20 m'mimba mwake. Chitseko chinkaigunda tsiku lililonse ndipo sichinkatseguka chonse. Koma vuto lenileni silinali limenelo. Munthu amene wakhala pachimbudzi sangaifikire popanda kudzuka, ndipo bini yosafikirika sigwira ntchito yake. Mapadi, thonje ndi timapepala tonyowa topukutira mwana zimathera m'chimbudzi momwemo. Zinthu zimenezi sizisungunuka m'madzi ngati tishu. Zimakodwa pokhota paipi kapena kukadzaza sepitiki thanki, ndipo mudzadziwa pamene madzi ayamba kukwera m'chimbudzi mukagwejemula, n'kumatsika pang'onopang'ono akulira kuti gudugudu. Apo ndiye kuti muitana pulambala, ndipo eni nyumba adzafunsa kuti analowetsa zimenezi ndani.

Pansi pa sinki pamaoneka ngati pabwino, ndipo m'nyumba zina ndi pabwinodi. Yezani kaye. Bini yotalika masentimita 28 chivundikiro chake chikatseguka imafika cha m'ma 45 kapena kuposerapo, ndiye paipi yokhota ya sinki ikakhala m'munsi, chivundikiro chimagunda n'kungotseguka theka. Kwathu kuno palinso china: malo amenewo ndi a ndowa ya malita 20 yosungira madzi, yomwe sitingaichotse poti mipopi imauma osatsanzika. Ndowayo ndi yachivundikiro chothina, chifukwa mwana wamng'ono akhoza kugweramo chamutu n'kumira ngakhale madzi ali ochepa.

Mbali ya shawa tinayesako sabata ziwiri. Madzi ankalowa pansi pa bini, kachitsulo kopondera kanayamba dzimbiri n'kusiya chizindikiro chofiira pamatailosi, ndipo zinyalala zikanyowa fungo silichedwa.

Choncho bini inatenga mpata wouma, pakati pa sinki ndi chimbudzi. Wokhala pachimbudzi amaifikira ndi dzanja, woima pasinki kumeta ndevu amaiponda ndi phazi. Yopanda chivundikiro ndi yotchipa, koma m'bafa la anthu ambiri siyenera. Alamu ndi amene ananena mosabisa kuti palibe mayi amene angataye padi m'bini yapululu podziwa kuti alamu ake aamuna alowa pambuyo pake, ndipo ananena zoona. Yachivundikiro chozungulira chija chokankha ndi dzanja imadetsa chivundikirocho nthawi iliyonse mukataya kanthu. Yopondera ndiye yaposa zonse, yapulasitiki, yokhala ndi kachidebe kochotseka mkati ndi jumbo. Pa kukula kwake, ya malita 3 imadzaza msanga kwa anthu asanu, ya malita 12 imalimbikitsa ulesi, zinyalala n'kugonamo sabata yathunthu. Ya malita 5 imakukakamizani kukataya masiku awiri kapena atatu alionse. Matewera a mwana sitiika m'menemo n'komwe, amapita kubini yapanja nthawi yomweyo.

Burashi yotsukira m'chimbudzi ndi yosavuta kuipezera malo, chifukwa kunyowa sikuiwononga. Ikhale mbali ya shawa, mkati kwenikweni pafupi ndi khoma, pomwe phazi la munthu wotuluka m'shawa silifika. Ena amaikankhira kuseri kwa chimbudzi, pansi pa thanki. Sindikukana kuti pamabisika bwino, koma burashi yobisika kwambiri mlendo saipeza, ndipo amatuluka mwamanyazi atasiya chimbudzi chili chodetsedwa. Pamenepo mpamenenso pamakhala kampopi kotsekera madzi opita m'thanki, komwe mumafuna kukafikira msanga thanki ikayamba kusefukira.

Funso lenileni pa burashi ndi lakuti ikhale pansi kapena pakhoma. Yoimika pansi m'kachitini kake sifuna kuboola khoma, koma imagwa mukamakolopa, ndipo mwana amaitenga ngati choseweretsa. Tsiku lina tinapeza wathu akuikoka m'khonde. Yopachika pakhoma, masentimita 15 kapena 20 kuchoka pansi, imasiya pansi poyera kuti chikolopa chidutse, ndipo sigwa. Kuipa kwake n'kwakuti muyenera kupempha eni nyumba musanaboole, komanso m'khoma la kuseri kwa chimbudzi ndi la shawa mumadutsa mapaipi. Musaboole molunjika pamwamba, pansi kapena m'mbali mwa pomwe paipi yatulukira. Zomata ndi guluu zimagwira pa tailosi yosalala yopukutidwa bwino, koma pakhoma la penti zimagwa pamodzi ndi pentiyo. Kupachika sikuletsa mwana kuifikira ayi. Chimene chinathandiza kwathu ndi kaloko kokoka komwe tinaika kunja kwa chitseko, pamwamba.

Kulikonse komwe mungaiike, fungo la burashi limachokera m'madzi otsalira m'kachitini. Mukatsuka, gwejemulani burashi ili m'madzimo kuti itsukuluzike, kenako panikizani chogwirira chake pakati pa chimbudzi ndi chokhalira, mutu wake ulendewere mkati kwa mphindi khumi kuti madzi adonthere m'chimbudzi. Kamodzi pa sabata iviikeni mu jiki wosungunula. Ngati pabotolo palembedwa 3.5%, kapu imodzi ya jiki ku makapu 6 a madzi ikukwana.

Tsopano mankhwala otsukira. Apa sindinyengerera: pansi si malo ake m'nyumba yomwe muli mwana. Jiki, mankhwala otsukira m'chimbudzi ndi ufa wokwechera zikakhala pansi pa sinki zili pa msinkhu wa maso ake enieni. Ndipo ngati mumagula jiki wopimitsa, musamusunge m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana sawerenga, amangozindikira botolo.

Pamwamba pa thanki ya chimbudzi ndi pomwe manja amafikira msanga, n'chifukwa chake mabotolo amaunjikana pamenepo. Koma chivundikiro cha thanki chimafunika kutsegulidwa kawirikawiri, kampira koyandama kakakakamira kapena mukafuna kuthiramo madzi a m'ndowa, ndiye nthawi zonse muyambe mwasamutsa katundu. Ngati batani logwejemulira lili pamwamba, malo ake ndi ochepa kale. Botolo likaterereka limagwera m'chimbudzi momwemo. Mwana wa zaka ziwiri amakweranso pachokhalira n'kufikira.

Pawindo ndi pamwamba ndithu, koma dzuwa ndi kutentha zimafooketsa jiki. Amaoneka yemweyo m'botolo, koma mphamvu yopha majeremusi imakhala ikutha. Ufa wokwechera nawo umaundana ndi chinyezi ngati windo lili pafupi ndi shawa, ndipo mabotolo amakulepheretsani kutsegula windo lomwe likufunika kuti bafa liume.

Zotsala ndi ziwiri, ndipo zonse n'zabwino. Yoyamba ndi shelefu yopapatiza, masentimita 12 mpaka 15, pakhoma pamwamba pa thanki, cha pa masentimita 150 kuchoka pansi. Pamenepo pamatsala malo okwanira kutsegula thanki, ndipo shelefu yosatuluka kuposa thankiyo munthu saigunda ndi mutu podzuka. Ikhale ndi kamtanda kutsogolo kotchinga mabotolo kuti asagwe. Yachiwiri ndi kachidebe kachogwirira komwe mumaikamo zonse n'kukasunga kunja kwa bafa, pamwamba pa kabati kapena m'sitolo yokiya. Kachidebeka sikafuna msomali ndipo ndi kotetezeka kwambiri, koma mankhwala akakhala kutali, wodetsa satsuka pompo, amadikira Loweruka. Ife tinagawa pakati. Pashelefu pamakhala botolo limodzi lotsukira m'chimbudzi, magolovesi ndi matishu osungira. Jiki, ufa wokwechera ndi zina zonse zili m'kachidebe kusitolo.

Kusiyanitsa jiki ndi botolo linalo sikunali kwa malo okha. Mankhwala ambiri otsukira m'chimbudzi, makamaka ochotsa zikanga zachikasu zija, amakhala ndi asidi, ndipo akakumana ndi jiki amatulutsa mpweya wa kolorini. M'kachipinda kamasentimita 120 chitseko chili chotseka, mpweyawo umaluma m'maso, kutsokomoletsa ndi kubanikitsa nthawi yomweyo. M'bafa la anthu ambiri zimachitika mosavuta: wina wathira mankhwala a asidi kuti akhalemo kanthawi, n'kutuluka, mnzake akulowa n'kuwonjezera jiki pofuna kuthandiza. Mabotolo awiriwa akaima pamodzi, dzanja limatenga onse. Zikachitika tulukani msanga, siyani chitseko ndi windo zili pululu, mubwerere kudzagwejemula fungo litachepa, ndipo ngati chifuwa chikupitirira kuthina pitani kuchipatala. Tinagwirizana kuti wothira mankhwala m'chimbudzi atseke chivundikiro n'kusiya botolo lomwe wathiralo pamwamba pake, kenako akoke kaloko kakunja kaja, kuti wolowa adziwe kuti mkatimo muli kanthu.

Chikolopa sichikhala m'bafa n'komwe. Chikagona m'ndowa m'kona chimanunkha chuku pakangopita masiku awiri, ndiye chathu timachichapa n'kuchiyanika pachingwe kuseri kwa nyumba.