Anandiwongola tsitsi ndi kuliluka tsiku limodzi, ndipo m'mphepete munathothoka

Ndadikira miyezi 7 ndisanalembe ndemanga iyi ya saluni imene inandiwongola tsitsi ndi kundiluka chifukwa ndinkafuna kuona kaye ngati tsitsi la m'mphepete mwa chipumi changa limerenso, komanso sindinafune kulemba mtima uli m'mwamba. Za malo sindichulukitsa: saluniyi ndi yaukhondo, madzi otentha amakhalapo, ndipo mtengo wa phukusi lawo lowongola ndi kuluka meshi tsiku lomwelo si ndalama yoti munthu angaitaye mosaganizira. Phukusi limeneli ndi limene ndikufuna kulikamba, chifukwa ndilo linandiwonongera tsitsi.

Ndinapita kukawongoletsa tsitsi latsopano lokha, patatha masabata 9 chiwongolereni, ndipo lomera kumene linali lokwana masentimita awiri basi. Mayi wa pakauntala ndi amene anandikopa kuti ndingolukitsiratu, akuti tsitsi likangowongoledwa limalukika bwino ndipo meshi imagona mokongola. Eni saluni anali atachoka, choncho anandipereka kwa mtsikana wina amene ankasamalira anthu atatu nthawi imodzi. Sanandipake vaselini pakhungu la m'mphepete mwa chipumi, m'makutu kapena kunkhongo, monga amachitira aliyense wodziwa ntchitoyi. Atatapa mankhwala anayambira kutsogolo kwenikweni, pamene tsitsi lili lopyapyala kuposa pena paliponse, ndipo sanalekeze pa tsitsi latsopano koma anawapaka mpaka kunsonga, pa tsitsi lomwe linawongoledwa kale. Kenako anandisiya n'kupita kukatsuka munthu wina.

Pachitini panalembedwa kuti mankhwalawo asapitirire mphindi 20 pamutu. Ine ndinkayang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo mphindi 15 zitakwana pamwamba pa khutu lamanzere panayamba kutentha ngati pagwera khala la moto. Ndinamuitana n'kumuuza kuti, "Achemwali, pano pakuotcha, chonde nditsukeni." Iye anayankha ali chapatali kuti, "Pirirani pang'ono amayi, tsitsi lanu ndi louma, likapanda kupsa bwino mudzatidandaula." Anabwera mphindi 30 zitadutsa. Shampu yoletsa mphamvu ya mankhwala, ija thovu lake limaoneka lofiirira mpaka mankhwala onse atachoka, anandisambitsa kamodzi kokha, thovu lisanayere n'komwe, n'kundiumitsa ndi mpweya wotentha.

Kuluka kunayamba nthawi yomweyo pa khungu lomwe linali likunyeka kale. Ndinasankha tizingwe ting'onoting'ono tofika m'chiuno, ndipo kumeneko ndinalakwitsa ndine, koma kakokedwe kake sindinakasankhe. Ankatola ngakhale titsitsi tofewa ta kutsogolo kwenikweni, titsitsi tosakwana 20, n'kumangirirapo meshi yonenepa kuposa tsitsi langalo kangapo, n'kumanga mfundo pakhungu penipeni. Nditayang'ana pagalasi ndinaona khungu litatukuka ngati kahema pansi pa kachingwe kalikonse, ndipo nditayesa kukweza nsidze mutu wonse unakoka. Ndinadandaula kawiri. Yankho linali lakuti meshi yolimba ndiyo imakhalitsa, ndipo ndikafika kunyumba ndimwe mankhwala opha ululu. Mawu amenewa ndi amene sindinathe kuwakhululukira mpaka lero, chifukwa munthu wogwira mitu ya anzake tsiku ndi tsiku ayenera kudziwa kuti ululu umasonyeza kuti mizu ikuzuka.

Usiku umenewo ndinagona chokhala. Pa tsiku lachitatu m'mphepete monse munatuluka tiziphuphu toyera pa tsinde la tsitsi, ndipo pamene panapsa paja panachita nkhanambo yomwe inamatirira tsitsi. Pa tsiku la 10 kachingwe kamodzi ka pamwamba pa khutu kanagwera paphewa ndili kuntchito, kali ndi tsitsi langa lomwe, ndipo mawa lake kanagwanso kena.

Ndinabwerera ku saluniko nditakonzeka kukangana, nditanyamula tizingwe tiwirito m'chikwama, ndipo apa ndi pamene maganizo anga anayamba kusintha. Ndinapeza eni ake, mayi wachikulire amene ndinali ndisanakumanepo nawo. Sanateteze wantchito wawo ngakhale ndi liwu limodzi. Anandikhazika pansi pafupi ndi zenera, anamasula kachingwe kamodzi mwa tomwe ndinabweretsa, n'kuyala tsitsilo pa nsalu yoyera. Anati, "Taonani amayi, apa pali mavuto awiri. Ili lalifupi lopanda kanthu kunsonga laduka chifukwa mankhwala analidya. Ili lili ndi kamutu koyera kumapeto lazuka ndi muzu chifukwa chokokedwa." Anandifotokozera kuti loduka silidetsa nkhawa kwambiri popeza muzu wake udakali m'khungu, koma lozuka ndilo lofunika kulisamala, chifukwa muzu ukamakokedwa mobwerezabwereza umatupa, kenako umafa n'kusiya chipsera pomwe tsitsi silimeranso.

Anamasula mutu wonse okha kwa maola atatu, osalandira ndalama. Meshi ankayamba aidula m'munsi mwa pamene tsitsi langa lalekezera kuti kulemera kuchepe, mfundo iliyonse ankaifewetsa ndi mafuta asanaimasule ndi zala, ndipo chipeso sanachifikitse m'mphepete. Atamaliza ndinaona zimene zinatsala: malo ngati ndalama yachitsulo mbali zonse ziwiri za chipumi anali pafupifupi opanda kanthu, koma kutsogolo kwenikweni kunatsala kamzere ka titsitsi tating'ono. Chimene chinandipatsa ulemu pa mayiwa n'chakuti ali ndi mabotolo a mafuta omeretsa tsitsi amene amagulitsa pashelefu, koma sanandigulitse ngakhale limodzi. Anandiuza poyera kuti tiziphuphu tokhala ndi mafinya si ntchito ya saluni, ndipite kwa dokotala wa khungu.

Dokotala anatsimikizira zomwezo. Anati vutoli limatchedwa thirakishoni alopeshiya, kutanthauza kuthothoka kwa tsitsi chifukwa chokokedwa, ndipo kamzere ka titsitsi kotsala kutsogolo kaja ndi chizindikiro chake chodziwika. Anaunika ndi galasi lokulitsa n'kupeza kuti timabowo momwe tsitsi limamera tikuonekabe, ndipo anati pamene khungu lasalala n'kumanyezimira popanda timabowo, pamenepo ndiye kuti chipsera chakhazikika. Anandipatsa mankhwala opaka othetsa kutupa ndi tiziphuphu, ndipo khungu litapola anandiyambitsa minokisidilo, mankhwala opaka othandiza tsitsi kumera, atandifunsa kaye ngati ndili woyembekezera kapena ndikuyamwitsa, popeza otere sayenera kupaka. Anandichenjeza kuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho ndisayembekezere kuona kusintha miyezi itatu isanathe. Anatchulanso kafukufuku wa dokotala wa khungu Nonhlanhla Khumalo wa ku Yunivesite ya Cape Town, amene mu 2007 anapeza vutoli mwa amayi pafupifupi 32 pa 100 aliwonse omwe anawaunika, ndipo ngozi inali yaikulu kwambiri pamene tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala likokedwanso ndi meshi. Nditamva zimenezi ndinazindikira kuti phukusi limene ndinalipira lija limaphatikiza zinthu ziwiri zimene siziyenera kukumana tsiku limodzi.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Mankhwala owongola tsitsi, kaya ndi aja a sodiyamu haidirokisaidi kapena aja amalembedwa kuti ndi ofatsa pakhungu, amagwira ntchito pothyola timfundo ta mkati mwa tsitsi tomwe timalipangitsa kupotana, ndipo timfundo tomweto ndi timene timalipatsa mphamvu. Tsitsi likangochoka m'mankhwala limakhala lofooka, khungu nalo limakhala lanthete, ndiye kulipachika katundu wolemera nthawi yomweyo n'kulipempha zimene silingathe.

Ndinapitirizabe kupita ku saluniyi, ndipo ena angadabwe nazo, koma ndimapita kwa eni ake okha. Kwa miyezi itatu yoyamba anakana kundiluka china chilichonse choposa mizere ikuluikulu ya tsitsi langa lokha, yomasuka moti chala chinkalowa pansi pake, ndipo titsitsi ta kutsogolo ankatisiya panja. Wigi anandilola, koma yopanda guluu ndi yopanda tizipeso togwira m'mphepete, komanso anandiuza kuti mpango wogonera ndizimangira pakhungu la chipumi osati pamzere wa tsitsi, pakuti ngakhale mpango womangidwa pamalo amodzi usiku uliwonse umapala. Atandiwongolanso patatha masabata 12, anayamba ndi vaselini, mankhwala anayambira pakati pa mutu, ndipo m'mphepete sanapakemo konse ulendo umenewo. Anati pa mutu wabwinobwino m'mphepete mumapakidwa pomalizira, kwa mphindi zochepa chabe. Anatsuka katatu mpaka thovu linayera, ndipo anandiuza kuti meshi ndisaiganizire masabata awiri asanathe.

Meshi yoyamba anandiluka mwezi wachisanu, yopanda mfundo, ija amayamba ndi tsitsi lako lenileni n'kumaonjezera meshi pang'onopang'ono. Magawo a kutsogolo anawakulitsa kuti kachingwe kalikonse kanyamulidwe ndi tsitsi lambiri, utali analekezera m'mapewa, ndipo atamaliza mzere woyamba anaima n'kundiuza kuti ndikweze nsidze ndi kutembenuza khosi mbali zonse. Pamene ndinamva kukoka pang'ono anamasula n'kulukanso osanyinyirika. Anandiletsa kumanga tizingwezo m'mwamba ngati mtolo, ndipo anandilembera tsiku lomasula, masabata 6 kuchokera tsiku limenelo.

Komabe sindingapereke nyenyezi zoposa zitatu. Mayiwa ndi katswiri, koma chikwangwani cha phukusi lija chidakali pakhoma, mayi wa pakauntala akupitirizabe kulikopera anthu, ndipo mtsikana uja, amene sanandipepesepo, ndinamuona mwezi watha akuluka mwana wa sukulu amene ankagwira mpando ndi manja onse awiri misozi ili m'maso. Ndinawauza eni ake tsiku lomwelo, ndipo anapita kukamumasulitsa, koma zimenezi zikutanthauza kuti luso lili m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo iwo akachoka mutu wanu uli pangozi yomwe ndinakumana nayo ine. Amene mukufuna kupitako funsani kaye ngati eni ake alipo, kanani kuwongola ndi kuluka tsiku limodzi, ndipo mukamva kuwawa pa mzere woyamba muimitse ntchito pomwepo.

Mbali yakumanja tsitsi labwerera, lafika masentimita anayi ndipo ladzaza bwino. Kumanzere, pamene panapsa ndi mankhwala n'kukokedwanso, patsala kamalo kosalala kokula ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo dokotala wandiuza kuti pamenepo timabowo tatsekeka.