Meta Business Suite pa kabekale kanga, patatha miyezi itatu

Uvuni ndimayatsa 4 koloko m'mawa, ndipo kuyambira pamenepo mpaka masana manja anga amakhala ali mbuu ndi ufa. Foni sindiigwira. Tsamba la bekale yanga la pa Facebook linkatha milungu iwiri lili zii, ndikadzidzimuka n'kuponya zithunzi zisanu tsiku limodzi ngati ndikubweza ngongole. Mwana wa achemwali anga ndi amene anandionetsa Meta Business Suite, chida chaulere cha eni ake a Facebook ndi Instagram. Ndachigwiritsa ntchito miyezi itatu ndipo sindinalipirepo kalikonse kupatula data.

Chimene ndimachikondera ndi gawo lotchedwa Planner. Ndi kalendala basi, koma mumaona mwezi wonse pamodzi, masiku amene ali ndi positi ndi amene alibe. Mukadina Create post mumaika chithunzi ndi mawu, n'kusankha ngati zipite pa Facebook, pa Instagram kapena konse kuwiri, kenako m'malo motumiza pompo mumasankha Schedule n'kuika tsiku ndi nthawi. Kuti Instagram itheke, akaunti yanu iyenera kukhala ya bizinesi komanso yolumikizidwa ndi tsamba la Facebook. Ine zimenezi zinandidyera madzulo athunthu chifukwa ndinali nditaiwala pasiwedi.

Mwezi woyamba ndinachita dyera, ndinkafuna positi tsiku lililonse. Pofika pa nambala 9 mawu anali atandithera, ndikungolemba kuti "buledi wotentha" mobwerezabwereza. Panopa ndimakonza mapositi 12 okha, atatu pa mlungu, ndipo tsiku lililonse lili ndi ntchito yake. Lolemba ndimaonetsa chinthu chimodzi chimene timaphika tsiku ndi tsiku. Lachitatu madzulo ndimakumbutsa anthu za maoda a keke, chifukwa keke ya Loweruka ndimafuna kuidziwa pofika Lachinayi kuti ndigule mazira ndi batala. Lachisanu ndi la za kukhitchini: mtanda ukufufuma m'beseni, mathireyi akutuluka mu uvuni, dzanja likupaka kirimu. Ndikatsegula Insights, gawo loonetsa kuchuluka kwa anthu amene aona positi, za Lachisanuzi ndi zimene zimapambana kwa ine, ngakhale sizigulitsa kanthu mwachindunji.

Zithunzi ndimajambula tsiku limodzi, pafupifupi ola ndi theka. Ndimasendeza tebulo pawindo cha m'ma 9 koloko, n'kuzimitsa getsi la m'nyumba chifukwa limachititsa kuti buledi aoneke wachikasu ngati wagona. Foni ndimaigwira choimika, popeza chithunzi chachitali chimadzaza bwino sikirini. Ndipo buledi mudule! Wathunthu amangooneka ngati njerwa, koma mukamudula anthu amaona kufewa kwa m'kati. Kulemba mawu ndi kuika masiku kumanditengera ola lina Lamlungu masana. Pa foni zimatheka, koma pa kompyuta kalendala imaoneka bwino ndipo ntchito imafulumira.

Pali chimodzi chimene ndinaphunzira ndi manyazi, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinakonzeratu positi yoti "lero kuli keke ya chokoleti yodula zidutswa", ituluke patatha milungu itatu. Tsikulo litakwana uvuni unavuta, keke sinaphikidwe, ineyo za positi ndinali nditaiwaliratu. Inatuluka pa nthawi yake ndendende, monga ndinaiuzira. Mayi wina anabwera ndi ana awiri, foni ili m'manja, akundionetsa chithunzi changa chomwe. "Amayi, si mwalemba nokha kuti ilipo?" Ndinasowa pogwira.

Kuyambira pamenepo mawu akuti "lero" sindiwaika mu positi yokonzeratu. Mu Planner mumalowa zokhazo zimene sizisintha: nthawi yotsegula, mmene munthu angaperekere oda, zinthu zimene timaphika osaphonya. Zodalira uvuni wa tsikulo ndimaziika pa Story ndili chiimire, thireyi ili patsogolo panga, chifukwa Story imazimiririka yokha pakatha maola 24. Lamlungu lililonse ndimatsegula kalendala mphindi zisanu kuona ngati mapositi atatu akubwerawo akadali oona.

Muzidziwanso kuti chidachi sichitumiza pa WhatsApp Status, pamene makasitomala anga ambiri amandipeza kumeneko, ndiye zithunzi zomwezo ndimaziikako pamanja. Komanso positi ikatuluka yokha, mafunso sadziyankha okha. Wina akafunsa za keke ya ukwati inu muli kalikiliki kukanda, amapita kwina. N'chifukwa chake ndinasuntha mapositi onse kuti azituluka 6 koloko madzulo, nditatsuka mathireyi, pamene ndingakhale pansi n'kuyankha pa Inbox.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Mwezi wamawa ndaukonza kale, kwatsala zithunzi ziwiri za mabanzi zimene zinatuluka zakuda chifukwa kunali mitambo.