Akumwa, olowetsa kotulukira chimbudzi, kapena oika kumaso: mungawasiyanitse bwanji?

Maonekedwe a pepala lonyezimira lokutira mankhwala sanena komwe mankhwalawo apite. Ntchito yake ndi kutchinga chinyezi ndi kuwala basi, n'chifukwa chake mitundu itatu yonseyi imatha kubwera itakutidwa mofanana. Musanang'ambe, werengani. Pakalembedwa `rectal` kapena PR, ndi olowetsa kotulukira chimbudzi. `Vaginal` kapena PV ndi oika kumaso, kutanthauza kumaliseche kwa amayi, pomwe PO ndi akumwa.

Olowetsa kotulukira chimbudzi savuta kuwazindikira. Amaoneka ngati kachipolopolo, amaterera, ndipo mukawagwira nthawi yaitali amayamba kusungunuka m'zala chifukwa anapangidwa kuti asungunuke ndi kutentha kwa thupi. Mu Okutobala mungawapeze atafewa. Aviikeni m'madzi ozizira ali m'pepala lawo lomwelo mpaka alimbe. Kenako sambani m'manja, chotsani pepalalo, gonani chammbali bondo limodzi mutalipinda, lowetsani ndi chala masentimita awiri kapena atatu, n'kugonabe mphindi 15. Ubwino wake umaoneka pa mwana amene akusanza chilichonse. Atesuneti wa 100 mg woperekedwa kwa mwana wa malungo aakulu ndi wa mtunduwu: mumapanikiza matako a mwanayo mphindi 10 kuti asatuluke, n'kuthamangira naye kuchipatala. Mankhwalawo ndi ongomufikitsa kumeneko, sathetsa malungowo.

Osokoneza kwambiri ndi oika kumaso. Tengani chitsanzo cha a mauka olembedwa `Clotrimazole 100 mg`. Amabwera asanu ndi limodzi, oyera, olimba, aakulupo kuposa panado, ndipo munthu wosauzidwa angawameze ndi madzi. Koma awa mumaika limodzi usiku uliwonse pogona, mkati ndithu, kwa masiku 6. A 200 mg ndi a masiku atatu, a 500 mg ndi a kamodzi kokha. Kunena zoona, a kamodziwo ndi abwino kwa munthu woiwalaiwala, poti ambiri amasiya a masiku 6 aja kuyabwa kukangoleka, matenda n'kubwerera. Sasungunuka ndi kutentha koma ndi chinyezi cha m'thupi, choncho musadabwe mukaona tizibenthu toyera pa kabudula wamkati m'mawa. Mayi woyembekezera aike ndi chala, asagwiritse ntchito kandodo kokankhira mankhwalawa mkati. Dziwaninso kuti mankhwalawa amafooketsa mpira wa kondomu.

Akumwa a m'pepala lotere alibe zambiri. Ng'ambani m'mbali pomwe pali pilitsi lomwe mukufuna kumwa nthawi yomweyo, ena onse akhale otsekeka. Mukapeza pena pataboka kapena patafufuma, pilitsi la pamenepo lalowa chinyezi, musamwe.

Vuto lalikulu limadza pepala likadulidwa ndi sizasi, dzina la mankhwala n'kutsala ku chidutswa china. Mukalandira kachidutswa kopanda dzina, musachoke pa windo la mankhwala asanakulembereni pa kathumba dzina lake ndi komwe apite.