Waya wa nyutirolo ukamatentha mu ofesi: kukuza waya, thiransifoma kapena sefa?

Maofesi akuluakulu muno mu Mzuzu amalandira magetsi a mafezi atatu, mavoti 230 pa fezi iliyonse, ndipo amisiri tinaphunzira kuti katundu akagawidwa mofanana, nyutirolo imanyamula mphamvu yochepa. Makompyuta ndi mababu a LED otsika mtengo amasokoneza lamuloli, chifukwa amakoka magetsi modukizadukiza ndi kubala hamoniki yachitatu, yomwe ndi mafunde owonjezera a 150 Hz. Mafunde a 50 Hz a mafezi atatu amafafanizana akakumana mu nyutirolo, koma a 150 Hz amafika nthawi imodzi n'kuphatikizana.

Tiyerekeze kuti fezi iliyonse ili ndi maampu 30 a 50 Hz ndi maampu 20 a hamoniki yachitatu. Mita yolembedwa True RMS idzaonetsa maampu 36 pa fezi, choncho bureka ya maampu 40 sidzagwa, pomwe nyutirolo ikunyamula maampu 60 popanda choiteteza. Kugawanso katundu pa mafezi, kumene ambiri amathamangira, sikuchotsa ngakhale ampu imodzi pa 60 amenewa. Musanagule chilichonse, zimitsani magetsi ndi kuona ngati zomangira za nyutirolo zili zolimba, pakuti kutentha kwa pamalo amodzi kumaloza chomangira chokhwefuka, pomwe hamoniki imatenthetsa waya wonse.

Njira yoyamba ndi kukuza nyutirolo pakati pa bolodi lalikulu ndi bolodi la ofesi. Waya wa kopa wochuluka kawiri umachepetsa ndi theka kutentha kobadwa m'wayamo, ndipo ukaikidwa bwino sufuna kuusamalira. Hamoniki yokha siichoka, imapitirirabe mpaka ku thiransifoma kapena ku jenereta, ndipo jenereta yaing'ono imavutika nayo kwambiri.

Thiransifoma ya deluta-sitala yoikidwa pafupi ndi ofesi imatsekera hamoniki yachitatu, yomwe imangozungulira m'mbali ya deluta osabwerera kumene magetsi akuchokera. Koma pali msampha umene ambiri sauona: waya wa nyutirolo wochoka pa thiransifomayo kupita ku makompyuta umanyamulabe maampu 60 aja, ndiponso thiransifomayo imatentha, motero iyenera kukhala yopangidwira katundu wotere.

Sefa yamagetsi yoyeza hamoniki ndi kutulutsa mafunde otsutsana nayo ndiyo imachotsadi vuto kumtunda kwa pamene yalumikizidwa, malinga ikhale ya mawaya anayi, popeza ya mawaya atatu siikhudza nyutirolo. Mtengo wake ndi wokwera, imaopa ziphaliwali za m'dzinja, ndipo ikawonongeka mungadikire zipangizo kuchokera kunja kwa dziko.

Kwa ofesi wamba, ine ndimasankha kukuza nyutirolo, kenako kusintha mababu akamapsa ndi ena olembedwa kuti THD, muyezo wa kuchuluka kwa hamoniki, siipitirira 20 peresenti. Thiransifoma kapena sefa ndingaiganizire pokhapokha ngati muyezo ukuonetsa kuti jenereta kapena thiransifoma ya nyumbayo nayonso ikutentha.