Ukalipira kawiri: khadi ndi ndalama za pafoni sizipweteka mofanana

Chiyambireni pamene ndinadandaula zoti ndinagula malata n'kulandira mauthenga awiri a malipiro amodzi, anthu angapo akhala akundifunsa funso limodzimodzi: "Ndalandira mauthenga awiri, ndiye kuti andidula kawiri?" Yankho limadalira chimene munalipirira, khadi ya kubanki kapena foni, ndipo ine zonse ziwiri zinandiwotchapo.

Ndiyambe ndi khadi. Ndinkagula malata a K240,000 m'sitolo ina ku Lilongwe, mu akaunti muli K610,000. Kashiya analowetsa khadi m'kamakina, ndinalemba nambala yachinsinsi, kamakina n'kungoti zii. Patapita kanthawi kanalemba kuti zakanika, lisiti osatuluka. "Netiweki imeneyi bambo, tiyesenso," anatero. Kachiwiri zinatheka, lisiti linatuluka lolembedwa APPROVED. Ndisanafike n'komwe pamene ankakweza malatawo, foni inalira kawiri, uthenga uliwonse ukunena za K240,000. Nditayang'ana pa apu ndinapeza kuti ndingagwiritse ntchito K130,000 yokha.

Ndinabwerera mokwiya, koma a m'sitolo anandisonyeza lipoti la kamakina kawo, ndipo munali malipiro amodzi okha. Sankanama ayi.

Khadi imalipira m'magawo awiri. Gawo loyamba ndi kupempha chilolezo: kamakina kamafunsa banki yanu ngati ndalamazo zilipo, banki ikavomera imaziika pambali kuti musazigwiritsenso ntchito pena. Ndalamazo sizinapite kwa wogulitsa, zangogwiridwa. Gawo lachiwiri limabwera pambuyo, nthawi zambiri wogulitsa akatseka malonda a tsikulo n'kutumiza mndandanda kubanki yake, ndipo apo m'pamene kudula kwenikweni kumalembedwa. Ulendo wanga woyamba uja pempho linafika kubanki, banki inavomera n'kugwira ndalama, koma yankho linasokera m'njira pobwerera. Zikatero kamakina kamayenera kutumiza kokha uthenga wofafaniza pempholo. Koma netiweki yomwe inataya yankho ndi yomweyonso iyenera kunyamula uthenga wofafanizawo, ndiye mukuona nokha.

Chozindikirira chake chili pa mabalansi awiri. Pa apu kapena pa kasitetimenti ka pa ATM pamakhala Available Balance, ndalama zomwe mungatape pompano, ndi ina imene mabanki amaitchula mosiyanasiyana, ena Ledger Balance, ena Current Balance, yomwe imawerengera zokhazo zimene zalembedwa kale m'buku. Tsiku la malatalo yoyamba inali K130,000, yachiwiri ikadali K610,000. Patapita masiku awiri yachiwiriyo inatsika kufika K370,000, kutanthauza kuti kudula kumodzi kokha ndiko kunalembedwa. Kusiyana kwa K370,000 ndi K130,000 ndi K240,000 yeniyeni ija, yongogwiridwa. Akanandidula kawiri, mabalansi onse awiri akanakumana pa K130,000, ndipo pa sitetimenti pakanaoneka mizere iwiri yokhala ndi tsiku lolembedwera. Uthenga wa pafoni sungakuuzeni zimenezi, chifukwa mabanki ambiri amautumiza pa gawo loyamba lija. Dziwaninso kuti malipiro ena amadulidwa nthawi yomweyo popanda kugwira kaye, ndipo kukonza kwake kumaoneka ngati mzere wina wobweza ndalama.

Tsono chimene chinandiwawa ndi ichi. Ndalama yogwiridwa ndi yanu, koma simungaikhudze. Imamasuka yokha ngati wogulitsa sanaitenge, kawirikawiri pakatha pafupifupi sabata, ngakhale za mahotela ndi zobwereka galimoto zimatha kukhala mpaka masiku 30. Yanga inamasuka pa tsiku lachisanu ndi chitatu, popanda uthenga uliwonse, ndinangoona balansi yakwera. Koma pa tsiku lachinayi panali podula ngongole yanga ya K150,000, ndipo makina odula ngongole amayang'ana balansi yotapika ija. Anapeza K130,000, zinakanika, n'kundilembera chindapusa cholephera kulipira pa nthawi yake. Tangoganizani, ndalama ili mu akaunti yanga momwemo, ine n'kumalipira chindapusa cha munthu wopanda ndalama. Ndinapita kukadandaula, wa pakauntala anati, "Bambo, palibe chimene tadula, dikirani." Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake panalibe poyambira: simungatsegule dandaulo la kudulidwa kawiri pa ndalama imene sinadulidwe. Chimene ndikanachita, ndipo ndinachidziwa mochedwa, ndi kupempha banki nambala ya chilolezo cha pempho loyambalo, kenako kukatenga kalata kusitolo yonena kuti iwo sadzaitenga ndalamayo. Mabanki ena akaona kalata yotero amamasula msanga.

Bwanji ngati maulendo onse awiri anathekadi, malisiti awiri n'kutuluka? Musachoke pakauntala. Auzeni afafanize amodzi tsiku lomwelo asanatseke malonda, pa kamakina pamalembedwa VOID. Mukagona nazo zimasanduka REFUND, yomwe ndi malipiro atsopano obwerera kwa inu ndipo imatenga masiku ake. Wogulitsa akakana, banki yanu ingathe kukafunsa ndalamayo kudzera m'malamulo a Visa kapena Mastercard, amene ali ndi gawo lakelake la malipiro obwerezedwa, bola musazengereze chifukwa nthawi yodandaulira ili ndi malire. Sungani malisiti onse, ngakhale lolephera lija.

Ndalama za pafoni, kaya Airtel Money kaya Mpamba, sizidziwa za kugwira kwa sabata. Mukalemba nambala yachinsinsi n'kutheka, ndalama yachoka. Ubwino wake ndi woti palibe zolota: malipiro aliwonse ali ndi nambala yake ya umboni mu uthenga, ndipo nambala ziwiri zosiyana ndiye kuti mwalipira kawiri basi. Uthenga umodzi ukabwera kawiri ndi nambala yofanana, mtima m'malo.

Kuipa kwake ndinakuonera kunyumba. Mayi akunyumba ankagula mayunitsi a magetsi a K20,000 madzulo, uthenga unachedwa, iwo n'kubwereza. Usiku kunabwera matokeni awiri. Palibe anawabwezera, ndipo sindikuona chodandaulira: analipira kawiri, analandira kawiri. Mwayi wake magetsi sawola. Zikanakhala kuti anatumiza kwa wogulitsa nsomba ku Mangochi, bwenzi tikudalira chifundo cha munthuyo, chifukwa kampani ya foni siingangolanda ndalama mwa wolandira, makamaka ngati watapa kale kwa ajenti. Ndalama yotumizira ya ulendo wachiwiri nayo musayembekezere kuti ibwerera.

Pa liwiro, foni ikuposa. Pa kupezeka kumudzi, palibe mpikisano.

Nanga ine ndimasankha chiyani? Ngakhale chindapusa chija ndikadali nacho kukhosi, pa katundu wa ndalama zambiri ndimatulutsabe khadi, chifukwa cholakwika chake nthawi zambiri chimadzikonza chokha, ndipo chikapanda kutero pali njira yolembedwa yotsatira. Kungoti masiku ano sindilipira ndi khadi chinthu chachikulu kukatsala sabata kuti adule ngongole. Ndipo kashiya akati "tiyesenso", ndimachotsa khadi yanga, n'kutsegula apu kaye. Balansi yotapika ikakhala yatsika, ndimamuuza kuti pempho lafika kubanki, aimbire banki ya kamakina kawo tisanabwereze. A pamzere kumbuyo amang'ung'udza, ena mpaka kutsonya, koma ine ndimaima pomwepo.