Imelo Yaifupi Kapena Yokhala ndi Mafunso ndi Nthawi?

Imelo yopempha kukumana ndi mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu ingalembedwe mwa njira ziwiri.

Yoyamba: "A Dokotala, ndikupempha tikumane tikambirane za kafukufuku wanga. Mudzapezeka liti?"

Yachiwiri: "A Dokotala, ndikupempha mphindi 30 tikambirane mutu wachitatu, womwe ndatumiza limodzi ndi imeloyi. Mafunso anga ndi awiri: kodi anthu 40 akwanira kufunsidwa, ndipo ndisiye kufunsa m'magulu? Ndikupezeka Lachiwiri 10 koloko m'mawa kapena Lachinayi 2 koloko masana."

Polemba: yoyamba sichedwa, yachiwiri imafuna muyambe mwadziwa pomwe pakuvuta.

Poyankha: yoyamba imabala maimelo ena ofunsana tsiku, yachiwiri aphunzitsi amangoti "Lachinayi," basi.

Kusiyana kwenikweni kumaoneka pokumana. Pa yoyamba, nthawi imathera pofotokoza pomwe mwafika. Pa yachiwiri amabwera atawerenga kale, mwinanso funso limodzi atayankhiratu pa imelo. Koma mafunso akafika asanu ndi awiri imelo imasanduka lipoti, ndipo imadikira.

Yoyamba ikwanira ngati mumaonana sabata iliyonse. Ngati aphunzitsi ndi otanganidwa, kapena tsiku lopereka layandikira, ine ndingasankhe yachiwiri.